Makina akumasulira Chitaliyana mosalala, nanga pokonza ndiziyang'ana chani?

Funso: Ndinakhalako ku Italy pa maphunziro nde Chitaliyana ndimachimva ndithu. Pano kuntchito kwathu makalata ndi ma agirimenti ochokera ku bungwe lomwe limatithandiza amabwera m'Chitaliyana, abwana amangowaponya mu Google kapena DeepL kenako nkundipatsa kuti ndikonze, Chingerezi chipite ku bodi, zina ndiike m'Chichewa zipite ku makomiti akumudzi. Vuto ndi loti ndikawerenga ndimaona ngati zonse zili bhobho. Ndiziyang'ana chani kwenikweni?

Yankho: Zikuoneka bhobho chifukwa mukuyamba kuwerenga zomwe makina atulutsa. Siyani kaye zimenezo. Kale makina ankatulutsa Chingerezi chothyokathyoka moti cholakwika umachiona uli patali, koma kuyambira cha m'ma 2016 pomwe Google inasintha kamasuliridwe kake, DeepL nkubwera mu 2017, ziganizo zimatuluka zoyera, galamala ili mmalo mwake, ndipo chiganizo cholakwika chimamveka bwino chimodzimodzi ndi cholondola. Nde khutu lanu silingakuthandizeni. Chomwe chimathandiza ndi kuwerenga Chitaliyanacho kaye, chiganizo chimodzi, mudziyankhe nokha kuti akuchita ndani, ndalama zingati, pofika liti, pali choletsa kapena ayi, mukatero mpamene muone ngati makina anena zomwezo.

Kuti tisamangoyankhula m'malere ndalemba kandime kofanana ndi makalata omwe mumalandirawo. Tinene kuti kalatayo yalembedwa pa 20 Malichi.

"Gentile Dott.ssa, Le comunichiamo che la seconda tranche, pari a € 12.500,00, sarà erogata entro il 15 p.v., salvo eventuali ritardi della banca. Il saldo non verrà versato finché non avrà trasmesso la rendicontazione, ovvero le fatture quietanzate e l'estratto conto. Eventuali economie dovranno essere restituite."

Mizere itatu yokha koma misampha yake ndi yambiri, ndipo ina si makina omwe amagwamo, ndi wokonzayo.

Tiyambe ndi funso loti akuchita ndani, poti apa mpomwe Chitaliyana chimasiyana kwambiri ndi Chingerezi. Mtaliyana safunika kunena kuti iye, inu, icho, verebu yokha imakwana. Onani "avrà trasmesso". Mawu awiriwa atha kutanthauza kuti bambo uja akatumiza, mayi uja akatumiza, banki ikatumiza, kapena inu mukatumiza, chifukwa ulemu wa Chitaliyana, Lei uja, umayenda ndi verebu ya munthu wachitatu. Chingerezi sichilola chiganizo chopanda mwini, nde makina amakakamizika kusankha, ndipo amasankha mongoyerekeza potengera mawu omwe ali pafupi. Mu kandime kathuka dzina lomwe langotchulidwa kumene ndi banki, nde musadabwe kuona Chingerezi chikunena kuti ndalama yotsala siperekedwa mpaka "iyo" itatumiza lipoti, kapena "he", munthu yemwe mkalatamo mulibe nkomwe. Bodi ikawerenga zimenezo imakhala phee kudikira banki, pomwe amene akuyenera kutumiza lipoti ndinu. Mumadziwa bwanji kuti ndinu? Kalata yayamba ndi "Le comunichiamo", kutanthauza kuti tikukudziwitsani, nde ulusi wa Lei ukupitirira mpaka pansi. Vuto limakula ngati abwana anaponya mu makina chidutswa chidutswa, kapena ngati pulogalamu ikudula chiganizo chilichonse pachokha, chifukwa apo makina saonanso kuti kumtunda kunali Lei. Ndipo musadalire L wamkulu, ambiri masiku ano amalemba "lei" ndi "le" ndi zilembo zazing'ono ngakhale mkalata ya ofesi.

Chimodzimodzi "suo" ndi "sua". Amatsata chinthucho osati mwini wake, "sua figlia" ndi mwana wamkazi wa bambo, wa mayi, kapena wanu. Makina akafika pa udindo amakonda kutsata chizolowezi, injiniya ndi pulezidenti amawapanga amuna, namwino ndi sekilitale akazi, ngakhale dzina la munthuyo lili pomwepo. Ndipo samalani ndi mayina ngati Andrea ndi Nicola, ku Italy amenewa ndi amuna.

Pa Chichewa zinthu zimatembenuka mosangalatsa. Ife zoti mwamuna kapena mkazi sizitivuta, "adzatumiza" basi. Koma tili ndi iwe ndi inu, monga Ataliyana ali ndi tu ndi Lei, pomwe Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha. Nde mukamaika m'Chichewa kuchokera pa Chingerezi cha makina, ulemu uja unatayika kale panjira, ndipo mukalola makina omwewo kupitiriza mpaka m'Chichewa mutha kupeza kalata yopita kwa a mfumu kapena kwa abambo mfumu a parishi ikusakaniza iwe ndi inu. Langizo langa ndi loti Chichewa muzichitenga ku Chitaliyana mwachindunji, Chingerezi chizingokhala pambali. Achibale nawonso, "nipote" ndi mdzukulu komanso ndi mwana wa mchimwene kapena mchemwali wako, makina amasankha chimodzi mwa ziwirizi osakufunsani, ndipo mu lipoti la ana amasiye zoti mwana akukhala ndi agogo kapena ndi azakhali si nkhani yaying'ono.

Tsopano ndalama. € 12.500,00 ndi ma yuro 12,500, Ataliyana amaika dontho pomwe ife timaika koma, ndi koma pomwe ife timaika dontho. Zimenezi mukuzidziwa kale, ndipo m'chiganizo chathunthu makina nthawi zambiri amatembenuza bwino. Pomwe zimathawa ndi m'matebulo, mmene nambala ili yokha mu kabokosi popanda mawu oizungulira. Mupeza mzere wina watembenuzidwa, wina wasiyidwa momwe unalili, nde mu bajeti imodzi muli 12,500.00 ndi 3.200 ndipo wowerenga sangadziwe ngati 3.200 ndi masauzande atatu ndi mahandiredi awiri kapena ndi ma yuro atatu ndi masenti. Wina akakopera mu Excel ya Chingerezi 3.200 imasanduka 3.2 mwakachetechete, totala nkusokonekera. Mmene ndimachitira ine, ndikamaliza kuwerenga ndimabwereranso ulendo wina wa manambala okha, osawerenga mawu. Mu Word mukalemba `^#` pa Find imakuimitsani pa nambala iliyonse. Kenako ndimawonkhetsa ndekha tebulo ndi kakyuleta, ngati totala yanga ikugwirizana ndi ya m'Chitaliyana ndiye kuti palibe dontho lomwe lasochera. Yang'ananinso "mila" ndi "mln" ndi "mld", 30 mila ndi 30,000, mln ndi miliyoni, mld ndi biliyoni.

Deti mu kandime kathu ndi "entro il 15 p.v." Ka p.v. aka ndi prossimo venturo, 15 amene akubwerayo. Poti kalata ndi ya pa 20 Malichi, 15 wa Malichi wadutsa, nde akunena 15 Epulo. Makina pena amakasiya momwemo p.v., pena amakataya, pena amalemba kuti mwezi uno. Inu lembani deti lonse, 15 Epulo, wowerenga asavutike. Anzake ndi u.s., ultimo scorso, wapitayu, ndi c.m., corrente mese, mwezi uno, ndipo onsewa simungawamasulire musanaone deti la pamwamba pa kalata. "Entro" ndi pofika, tsikulo likuwerengedwa. "Entro 30 giorni" ndi pasanathe masiku 30, koma "tra 30 giorni" ndi pakatha masiku 30, kusiyana kwake nkwa dedilaini ndi tsiku loyambira. Ndipo Mtaliyana akati "quindici giorni" pocheza nthawi zambiri akutanthauza masabata awiri, koma mu kontirakiti siyani 15 momwemo.

Apa ndifike pa "non", pomwe okonza ambiri amaononga chinthu chomwe makina anachita bwino. Chiganizo chachiwiri chili ndi ma non awiri, "non verrà versato finché non avrà trasmesso". Woyambayo ndi weniweni, ndalama siperekedwa. Wachiwiriyo sakukana chilichonse, "finché non" ndi mpaka basi. Tanthauzo ndi loti ndalama yotsala siperekedwa mpaka mutatumiza lipoti la kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Nde munthu wakhama amene wauzidwa kuti aziwerenga ma non amaona awiri ku Chitaliyana, mmodzi ku Chingerezi, nkuganiza kuti makina ataya, nkuwonjezera, chiganizo nkusanduka chopanda mutu. "A meno che non" ndi chimodzimodzi, ndi pokhapokha. Komabe kuwerenga ma non musasiye, chifukwa mbali inayo imachitikadi, m'chiganizo chachitali makina amatha kumeza non weniweni ndipo chotsalacho chimamveka bwinobwino. Palinso kukana komwe kulibe non nkomwe, "mancato pagamento" ndi kusalipira, "mancata consegna" ndi kusapereka katundu, komanso "salvo", "tranne", "pena la decadenza". Timawu timeneti tikagwa, chiganizo sichioneka chopunduka, chimangonena zina.

"Eventuali" wabwera kawiri mu kandime kathu dala, chifukwa mkalata za ofesi za Chitaliyana amapezeka paliponse. Tanthauzo lake ndi ngati zingakhalepo. "Salvo eventuali ritardi della banca", pokhapokha banki itachedwetsa. "Eventuali economie dovranno essere restituite", ngati pangatsale ndalama zosagwiritsidwa ntchito, ziyenera kubwezedwa. Makina amasiku ano nthawi zambiri amalemba "any" zomwe zili bwino, koma mukaona "eventual" kapena "eventually" imani, chifukwa m'Chingerezi amenewo akunena kuti chinthucho chichitika ndithu pamapeto pake. "Eventualmente ci vediamo a Roma" sikuti pamapeto pake tikaonana ku Rome ayi, ndi mwina, ngati kungafunike. Ndipo "economie" apa si chuma cha dziko, komanso mukasiya "savings" a komiti atha kumva ngati ndi ndalama zomwe asunga mwanzeru nde ndi zawo, pomwe kalata ikuti bwezani.

Mawu ofanana ndi Chingerezi koma osiyana tanthauzo alipo ambiri ndipo mindandanda yake ili paliponse, attualmente ndi pakadali pano, parenti ndi achibale osati makolo, fattoria ndi famu osati fakitale, pretendere ndi kuumiriza kuti upatsidwe. Kunena zoona makina anaphunzira kale ambiri mwa amenewa, sindingatayirepo nthawi yambiri. Omwe amandidetsa nkhawa ine ndi omwe Chingerezi chake cholakwika chimakwanabe m'chiganizo. "Controllare i conti" ndi kufufuza mabuku a ndalama, koma "control the accounts" ikumveka bwino ndipo ikupereka mphamvu kwa munthu yemwe anangopemphedwa kuti ayang'ane. Mu agirimenti ya bungwe ndi bungwe zimenezo zimadzetsa mkangano.

Nanga "ovvero"? Apa ndiye palibe makina kapena munthu angakuuzeni motsimikiza popanda kufunsa. Pa Chitaliyana cha tsiku ndi tsiku ovvero ndi kutanthauza kuti, koma m'chinenero cha malamulo nthawi zambiri ndi kapena. Nde kandime kathu katha kunena kuti tumizani lipoti, kutanthauza ma invoisi olipiridwa ndi sitetimenti ya ku banki, kapena katha kunena kuti tumizani lipoti, apo ayi ma invoisi ndi sitetimenti. Ine ndikuwerenga ndikuona kuti ndi koyambako, poti ma invoisi ndi sitetimenti ndi zomwe zimapanga lipotilo, ndipo pali chizindikiro cha koma tisanafike pa ovvero. Koma pamene ndalama yotsala ikudalira mawu amodzi sindingolemba maganizo anga, ndimaika ndemanga pambali ndi kutumiza funso la mzere umodzi kwa amene analemba. Makina sangachite zimenezo, amangosankha ndipo sakuuzani kuti panali posankha. "Quietanzate" nayenso asatayike, si ma invoisi wamba, ndi omwe ali ndi umboni woti analipiridwa, ndipo ndi mawu ngati amenewa, ofotokozera ali kumapeto, omwe amakonda kusowa. "Saldo" apa ndi gawo lomaliza la ndalama, pomwe pa sitetimenti ya banki saldo ndi ndalama zomwe zili mu akaunti, Chingerezi chimati "balance" ponseponse nde chimabisa, koma m'Chichewa muyenera kusankha.

Dott.ssa uja wa pamwamba musamusiye kuti Dr. Ku Italy aliyense amene ali ndi digiri ya ku yunivesite, ngakhale ya zaka zitatu, ndi dottore kapena dottoressa. Kuno mukalemba Dr anthu amva kuti ndi dokotala wa chipatala kapena wa PhD. Lembani Mayi kapena Bambo pokhapokha mukudziwa kuti ndi dokotaladi.

Pali china chomwe mulibe mu kandime kathu koma ndi choopsa kuposa zonsezi mukakhala ndi malipoti a odita kapena nkhani za m'nyuzi. Ataliyana akafuna kunena chinthu chomwe sanatsimikize amagwiritsa verebu ya condizionale. "Il tesoriere avrebbe prelevato 3 mila euro senza autorizzazione." Apa akunena kuti akuti msungichuma anatapa ma yuro 3,000 popanda chilolezo, ndi mphekesera kapena chinenezo, sichinatsimikizike. Makina amatha kulakwa mbali ziwiri. Atha kulemba "would have withdrawn", yomwe m'Chichewa imabwera kuti akanatapa, ndiye kuti sanatape, munthu wayeretsedwa. Kapena atha kusalaza nkulemba kuti anatapa, munthu waweruzidwa. Zonse ziwiri ndi zabodza ndipo yachiwiriyo itha kukufikitsani kukhoti. Mwayi wathu ndi woti Chichewa chili ndi mawu ake enieni, akuti, zikumveka kuti, akuganiziridwa kuti. Nde fufuzani `ebbe` m'Chitaliyanacho, ikupezerani avrebbe, sarebbe, avrebbero ndi anzawo, ndipo pa aliyense dzifunseni ngati pali "se" penapake yemwe akupanga kuti chikhale chongoyerekeza. Ngati palibe, ndipo pali mawu ngati "secondo" kapena "stando a", ndi akuti ameneyo.

Za ziganizo zazitali ndinene pang'ono. Chitaliyana cha maofesi chimakonda chiganizo chimodzi chodzaza theka la tsamba, visto chakuti, considerato chakuti, tenuto conto chakuti, verebu yeniyeni nkubwera kumapeto. Apa makina amatha kudumpha kachigawo kathunthu, makamaka komwe kali pakati pa makoma awiri, ndipo chotsalacho chimalumikizana bwino osaoneka chilema. Njira yake ndi yotopetsa koma ndi yokhayo, dulani chiganizocho pa koma aliyense, chongani chigawo chilichonse mukachipeza mbali inayo. Chizindikiro china ndi kutalika, Chingerezi chimakhala chachifupiko kuposa Chitaliyana mwachibadwa, koma mukaona mizere isanu ndi umodzi yasanduka itatu dziwani kuti china chagwa.

Mayina ndi zidule siyani momwe zilili. Potenza ndi mzinda, Prato ndi mzinda, Conte ndi Draghi ndi mayina a anthu, koma onsewa alinso ndi tanthauzo wamba nde akakhala okha mu kabokosi ka tebulo kapena pa adiresi makina amatha kuwamasulira. S.r.l. ndi S.p.A. ndi mbali ya dzina la kampani, musasandutse Ltd. Codice fiscale ndi partita IVA ndi mitundu iwiri yosiyana ya manambala a msonkho, asasanduke chinthu chimodzi. PEC ndi imelo yovomerezeka ndi lamulo yomwe ili ndi mphamvu ngati kalata ya rejisitala, nde agirimenti ikati chidziwitso chitumizidwe "via PEC" ndipo makina angolemba kuti pa imelo, mfundo yasintha. Mukaona D.Lgs. 117/2017 ndi lamulo la ku Italy la mabungwe osapanga phindu, nambala ndi chaka zikhale momwemo, ndipo "art. 5, comma 2" ndi gawo 5 ndime 2. Komanso sankhani mawu amodzi pa chinthu chimodzi, "convenzione" isakhale agirimenti pa tsamba loyamba, konivenshoni pa lachitatu, kontirakiti pa lachisanu, wa malamulo aganiza kuti ndi mapepala atatu. Kafayilo ka Excel ka mizati itatu, Chitaliyana, Chingerezi, Chichewa, kakukwanirani. Ngati ntchitoyi ikuchuluka yesani Matecat kapena OmegaT, ndi aulere ndipo amaika chiganizo cha Chitaliyana pambali pa chomasuliridwa chake, zomwe zimakukakamizani kuyang'ana uku ndi uku.

Pomaliza gwirizanani ndi abwana kuti akufuna kukonza kwa mtundu wanji, poti muyezo wa ISO 18587 wa 2017 umasiyanitsa kukonza kopepuka ndi kukonza kwathunthu. Kopepuka ndi koti tanthauzo likhale lolondola ngakhale chiganizo chisakome, kokwanira pa imelo yongodziwitsana. Kwathunthu ndi koti zifanane ndi zomwe womasulira akanalemba yekha, ndipo agirimenti, lipoti la odita ndi chilichonse chosainidwa chikufunika chimenechi. Zonse ndanena pamwambapa, mwini wa verebu, manambala, madeti, non, ovvero, akuti, zimalowa ngakhale mu kopepuka komwe, chomwe mumasiya ndi kukometsa basi. Ndipo muwauzenso kuti mapepala okhala ndi mayina a ana, odwala kapena manambala a akaunti asamaponyedwe mu makina aulere a pa intaneti musanaone kuti agirimenti yanu ikuti chani pa zachinsinsi, chifukwa bungwe la ku Italy limamangidwa ndi lamulo la ku Ulaya la GDPR lomwe linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018, ndipo nthawi zambiri amaika ndime ya zimenezi mu convenzione yomweyo mukukonzayo.